Mmene ndinaphunzirira kuwerengera zitenje za pa 7 Epulo kuchokera kumapeto

Ndimakhala ku Ulongwe, m'boma la Angonia, ndipo ndimagulitsa zitenje, zimene kuno timazitchulanso kuti kapulana. Ndilibe sitolo ya pamsewu. Katundu amakhala m'chipinda chimodzi cha nyumba yanga, zithunzi ndimaziika pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndalama anthu amatumiza pa M-Pesa kapena pa e-Mola, ndipo chitenje chikalipiridwa ndimachikweza shapa, kutanthauza minibasi, yopita ku Tete, ku Moatize, ku Domwe kapena ku Tsangano. Zimene ndifotokoze pano ndi za tsiku limodzi lokha la pa chaka, la 7 Epulo, tsiku la amayi a m'Mozambiki, limene timakumbukira Josina Machel amene anamwalira pa tsikuli mu 1971. Kwa wogulitsa zitenje palibe nyengo ina yoposa imeneyi, chifukwa amayi a kusukulu, a kuchipatala, a mumsika ndi a m'mipingo amafuna kuoneka ndi chitenje chatsopano, ndipo ambiri amagwirizana kuti gulu lonse livale mtundu umodzi. Tsiku limeneli linandipweteka zaka ziwiri zotsatizana, m'njira ziwiri zosiyana, ndisanadziwe kuliwerengera.

Chaka choyamba ndinali ndi zitenje 60 m'nyumba pamene Malichi ankatha, ndipo ndinkaona ngati nzambiri, popeza pa sabata wamba ndinkagulitsa pafupifupi 20. Pofika pa 28 Malichi zonse zinali zitatha. Foni inkangolira, anthu akutumiza zithunzi zanga zomwe n'kumafunsa ngati mtundu wakuti ulipo, ine ndikuyankha kuti watha. Pa 29 ndinatumiza ndalama kwa amene ndimapikulako ku Beira, ndili ndi chikhulupiriro chakuti katundu afika m'masiku asanu, koma anafika pa 9 Epulo, chikondwerero chitadutsa kale. Mayi wina wa ku Moatize, amene anali atagulapo kwa ine katatu, anandilembera mwaulemu kuti, "Achemwali, musadandaule, tapeza kwina." Sanandigulenso kuchokera tsiku limenelo, ndipo sindimuimba mlandu, chifukwa gulu lake linkayembekezera iyeyo.

Chaka chachiwiri ndinati zisandichitikirenso. Ndinatenga ndalama yonse ya shitiki, gulu lathu losonkherana ndalama mosinthana, imene inandigwera mwezi umenewo, ndinabwerekanso ina kwa mlamu wanga, n'kupikula zitenje 400. Chilichonse chinkandifikira pa metikali 160 ndikaphatikiza mtengo wogulira ndi wonyamulira, ndipo ndinkachigulitsa pa 220. Mwa zimenezo, 150 zinali zolembedwa mawu a tsikulo m'Chipwitikizi pamodzi ndi zithunzi za chikondwerero, pamene 250 zinali za maluwa ndi mizere wamba. Pofika madzulo a 7 Epulo ndinali nditagulitsa 230, chiwerengero chimene sindinachifikepo chiyambire, komabe m'chipinda munatsala zitenje 170, kutanthauza metikali 27,200 ataunjikana pa mphasa.

Apa ndi pamene ndinaona kuti katundu wotsala sakhala wofanana. Zitenje wamba zimene zinatsala zinali 80, ndipo zinatha zokha pofika kumapeto kwa Meyi pa mtengo wake womwewo, popeza mayi amafuna chitenje cha maluwa mwezi uliwonse, kaya ncha kumaliro, cha kuukwati kapena choberekera mwana. Zolembedwa zija zinatsala 90, ndipo pa 8 Epulo zinali ngati nsima ya dzulo. Ndinakakamiza 40 pa metikali 120, kutaya 40 pa chilichonse, ndipo 50 zinakana ndithu. Kuluza kwenikweni kunabwera mu Juni. Kuno ku Angonia kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi, ndipo nthawi yomweyo ndi imene alimi amakhala ndi ndalama za fodya, soya ndi chimanga, choncho mabulangete ndi majuzi amayenda kwambiri. Ine ndinalibe mpamba wopikulira, chifukwa unali utagona m'zitenje za tsiku limene linapita, ndipo ngongole ya mlamu wanga inali ikundidikira.

Amene ananditsegula maso ndi bambo wina wachikulire amene amasoka pakhonde pafupi ndi msika. Nditamudandaulira, anaimitsa makina ake n'kunena kuti, "Mayi, inu mumawerengera 7 Epulo, koma ine ndimasiya kulandira nsalu pa 30 Malichi. Wobwera pambuyo pake ndimamubweza, ngakhale atandilonjeza ndalama yowirikiza." Ndinazindikira pomwepo kuti tsiku langa la malonda si tsiku la chikondwerero. Mayi amene akufuna diresi kapena bulauzi ayenera kukhala ndi nsalu m'manja sabata yathunthu kapena masiku khumi tsikulo lisanafike, ndipo ndalama yogulira nsaluyo ndi malipiro a kumapeto kwa Malichi. Magulu amayamba kale kuposa pamenepo, chifukwa kuti amayi makumi awiri agwirizane mtundu umodzi n'kusonkha ndalama pamafunika malipiro a kumapeto kwa Febuluwale. Choncho chikondwerero cha mu Epulo chimagulidwa ndi malipiro awiri a miyezi ya m'mbuyo, ndipo katundu amene wafika pa 2 Epulo wachedwa ngakhale kuti pa kalendala akuoneka ngati wafika nthawi yabwino.

Chaka chachitatu ndinakhala pansi mu Januwale ndi kope, n'kuyamba kuwerengera chobwerera m'mbuyo. Ndinalemba 7 Epulo pamwamba. Pansi pake ndinalemba 28 Malichi, tsiku limene nsalu yokasoketsa iyenera kukhala itafika kwa mwini wake. Ndinachotsapo masiku awiri a ulendo wa shapa, chifukwa phukusi lopita ku Tete kapena ku Furankungo silifika tsiku lomwelo nthawi zonse, ndipo ndinapeza 26 Malichi, tsiku lomaliza limene katundu ayenera kukhala m'nyumba mwanga. Kenako panafunika kudziwa kuti katundu amatenga masiku angati kuchokera pamene ndalipira ku Beira kufikira pamene ndamasula thumba kuno.

Pa funso limeneli ndinkadzinamiza kwa zaka ziwiri, chifukwa ndinkakhulupirira mawu a wogulitsa akuti masiku asanu. Nditayang'ana mauthenga akale m'foni, ndinapeza kuti maoda anayi omaliza anatenga masiku 6, 8, 7 ndi 12. Masiku asanu aja ndi a galimoto ikakhala pamsewu basi. Sawerengera tsiku limene wogulitsa akudikira kuti thumba lidzaze, masiku amene katundu amagona ku Tete kudikira wondikwezera, kapena mvula ya mu Febuluwale ndi Malichi imene imachedwetsa magalimoto. Pa nyengo ya chikondwerero sinditenga chiwerengero chapakati, ndimatenga choipitsitsa, chifukwa aliyense amakhala akuoda nthawi yomweyo. Nditachotsa masiku 12 pa 26 Malichi ndinapeza 14 Malichi, ndipo ndinalemba ndi cholembera chofiira kuti likadutsa tsiku limeneli sindiodanso chilichonse cha chikondwerero, ngakhale foni italira chotani. Lamulo limeneli ndi lovuta kulisunga kuposa ena onse, popeza mtima umafuna kuoda pa nthawi imene anthu akufunsa kwambiri, pamene nthawi imeneyo ndiyo yochedwa kale.

Tsiku litadziwika, panatsala kuchuluka kwake. Ndinayambira pa zimene ndinagulitsa chaka chapitacho kuyambira pa 20 Malichi mpaka pa 7 Epulo, zomwe zinali 230. Mwa zimenezo 50 zinapita ku magulu, ndipo ndinazipatula, chifukwa gulu silifunika kulilota, limauza lokha chiwerengero chake. Zotsala 180 zinali za ogula mmodzimmodzi. Ndinawerenganso m'mauthenga anthu amene ndinawabweza chifukwa mtundu umene ankafuna unatha, ndipo anakwana 30. Amenewa sindinawawerenge onse koma theka lokha, 15, chifukwa wogula wa pa foni amafunsa ogulitsa atatu nthawi imodzi, ndipo kufunsa si kugula. Zinakhala 195. Popeza malonda anga a mu Januwale ndi Febuluwale anali atakwera ndi gawo limodzi mwa magawo khumi poyerekeza ndi chaka chapitacho, ndinakweza chiwerengerocho kufika pa 215. Sindinawonjezere kanthu chifukwa cha kuchuluka kwa anthu oona zithunzi zanga. Ndinaona kale kuti chithunzi chikhoza kuonedwa ndi anthu mazana atatu koma osagulitsa chitenje ngakhale chimodzi, pamene china chooneka chozizira chimatha tsiku lomwelo.

Za magulu ndinazichita motere. Oda wanga wa mu Febuluwale, m'malo motenga mitundu yochepa yambirimbiri, ndinatenga mitundu 20, uliwonse mpukutu umodzi wa mayadi 6, umene umatuluka zitenje zitatu. Anafika pa 19 Febuluwale, malipiro asanatuluke, ndipo ndinajambula chilichonse panja m'mawa kuti mtundu wake uoneke mmene ulilidi. Ndinalengeza kuti gulu lofuna mtundu umodzi liperekeretu theka la ndalama pasanafike pa 3 Malichi. Magulu asanu anandilankhula, koma amene anatumiza ndalama anali atatu, la amayi 24, la 18 ndi la 30, onse pamodzi 72. Awiri enawo sindinawaodere ngakhale kuti anandilonjeza ndi mawu okoma, ndipo limodzi mwa iwo silinabwerenso. Pa 72 paja ndinawonjezera 8 za mitundu yomweyo, chifukwa pa gulu lililonse pamapezeka mayi amene anakana poyamba n'kusintha maganizo ataona anzake atanyamula nsalu, ndipo mtundu wa gulu ukasowa palibe wina umene ungalowe m'malo mwake.

Zonse pamodzi zinakwana 295. Ndinachotsapo 35 zimene ndinayembekezera kuti zidzakhala zikadalipo pofika pa 20 Malichi, ndiponso zolembedwa zija zimene zinagona chaka chonse. Nditatsegula thumba lake ndinapeza kuti mwa 50 zija, 8 zinali zitawonongeka, zina ndi chinyezi cha pansi, zina zitadyedwa ndi mbewa m'mphepete, choncho zogulitsika zinali 42. Mwayi wanga unali wakuti sizinalembedwe chaka, ndipo kuyambira pamenepo nsalu yolembedwa chaka sindiigula pokhapokha wina atalipiriratu yonse. Zofunika kuoda zinatsala 218, ndipo popeza mpukutu sadula, ndinaoda mipukutu 73, kutanthauza zitenje 219. Zolembedwa zatsopano sindinatengepo ngakhale chimodzi.

Chifukwa chake ndi nkhani ya masamu ochepa amene ndikanakonda ndikanawadziwa poyamba. Chitenje wamba chikandisowa ndimataya phindu la metikali 60, mwinanso ndi kasitomala yemwe, koma chikatsala sinditaya kanthu kupatula kudikira masabata angapo. Pa katundu wotere ndi bwino kulakwira kochuluka. Chitenje cholembedwa chikandisowa ndimataya 60 yomweyo, koma chikatsala ndimataya 40 ngati ndachita mwayi, kapena 160 yonse ngati mbewa zandiyambirira, ndipo mpamba umamangika chaka chathunthu. Pa katundu wotere ndi bwino kulakwira kochepa. Funso limene ndimadzifunsa tsopano pa chinthu chilichonse ndisanaode ndi lakuti, kodi chimenechi chidzakhala ndi mtengo wanji m'mawa mwa tsiku lotsatira chikondwerero?

Zitenje 219 zija sindinazioode nthawi imodzi. Pa 4 Malichi ndinaoda 159, momwe munali za magulu zonse ndi mitundu isanu ndi umodzi imene inayenda bwino pa malipiro a Febuluwale, ndipo zinafika pa 13. Ndalama ya 60 zotsalazo ndinaisunga mpaka pa 14 Malichi, kuti ndione kaye mitundu imene anthu akuithamangira. Kugawa kotere kumawonjezera ndalama yonyamulira, ndipo kuli ndi vuto lina limene ndinakumana nalo: mtundu wobiriwira wa masamba akuluakulu, umene unkafunidwa kuposa yonse, unali utatha kwa wogulitsa pofika pa 14. Ndinatenga wina wofanana nawo pang'ono, umene unayenda mwapakatikati. Ndikanati ndibwerezenso, mtundu umene waonekeratu kuti ukutsogola ndikanautenga wokwanira pa oda woyamba, n'kusiya kudikira kuja kwa mitundu yokayikitsa yokha.

Pali chinthu china chimene chimavuta ife ogulitsa pa foni, chomwe wa sitolo ya pamsewu sakumana nacho kwambiri. Iye katundu wake amaoneka pa shelefu, ndipo chikatha chatha. Ine chithunzi chimapitiriza kuyenda ngakhale nsalu itatha, chifukwa anthu amatumizirana, ndipo m'chipinda mumakhala nsalu zimene ndikuziona ndi maso koma si zanganso. Chaka chachiwiri chija ndinagulitsa chitenje chimodzi kwa anthu awiri, ndipo ndinachita kubweza ndalama ndi manyazi aakulu. Tsopano m'kope langa mtundu uliwonse uli ndi mizere itatu: zimene zili m'nyumba zosagulidwa, zimene zalipiridwa koma sizinanyamuke, ndi zimene zili m'njira kuchokera ku Beira. Chitenje chikangolipiridwa ndimachiika m'pepala la pulasitiki, ndimalembapo dzina ndi kumene chikupita, n'kuchichotsa pa mulu nthawi yomweyo. Mawu akuti "ndisungireni, ndilipira malipiro akatuluka" ndi amene amabisa katundu kwambiri. Mayi mmodzi akhoza kusungitsa zitatu, wina ziwiri, ndipo pofika pa 25 theka la mulu limakhala la anthu amene sanapereke kanthu, ine n'kumabweza ogwira ndalama m'manja. Masiku wamba ndimasunga masiku awiri, koma kuyambira pa 20 Malichi ndimayankha kuti, "Mayi, pepani, nyengo ino ndimasungira amene aperekako theka." Ena amakhumudwa, koma ambiri amamvetsa, ndipo amene akufunadi amatumiza.

Chaka chimenecho malipiro a makasitomala anga ena anachedwa, ndipo pa 27 ndi 28 Malichi malonda anali ozizira moti ndinayamba kuopa kuti ndabwerezanso cholakwa chija. Ndinatsala pang'ono kutsitsa mtengo. Chimene chinandiletsa n'chakuti mafunso sanachepe, anthu ankafunsabe mitengo ndi mitundu, kungoti sankalipira. Katundu akakhala kuti sakufunidwa foni imakhala chete, koma ikamalira popanda ndalama ndiye kuti vuto ndi tsiku la malipiro, ndipo kutsitsa mtengo n'kungotaya phindu pachabe. Ndimayang'ananso mzere wa anthu pa makina otapira ndalama a kubanki ndikamapita kumsika, chifukwa ukatalika m'mawa ndimadziwa kuti madzulo foni siipuma. Ndalama zitatuluka kumayambiriro kwa Epulo kunabwera gulu lachiwiri la ogula, kuyambira pa 3 mpaka pa 6, amene sankafuna kusoketsa koma kungomanga m'chiuno ndi kumutu. Amenewa ndi amene anatenga zolembedwa zija, ndipo ambiri anali a pafupi, a mu Ulongwe momwemo ndi a ku Domwe, popeza za kutali sizikanafika. Madzulo a 7 Epulo ndinawerenga: mwa zitenje 296 ndinagulitsa 267, zinatsala 26 wamba ndi 3 zolembedwa, ndipo anthu amene ndinawabweza anali 11, pafupifupi onse ofuna chobiriwira chija.

Njira yomweyi ndimaigwiritsa ntchito pa miyezi wamba, kungoti mopepuka. Masiku a pakati pa mwezi ndimagulitsa zitenje zitatu pa tsiku, pamene kuyambira cha pa 25 mpaka pa 2 mwezi wotsatira zimafika zisanu ndi ziwiri. Kale ndinkaoda mulu ukatsika kufika pa 30, osayang'ana deti, ndipo zitenje 30 pa 8 mwezi ndi chakudya cha masiku khumi, koma 30 zomwezo pa 24 sizitha masiku asanu. Tsopano ndimawerenga masiku amene katundu adzakhale m'njira, omwe m'chilimwe ndi asanu ndi atatu, n'kuona kuti agwera mbali iti ya mwezi, ndipo oda wamkulu ndimamutumiza pasanadutse pa 15 kuti afike pofika pa 23. Vuto lake n'lakuti pa 15 ndi pamene m'thumba mwanga mumakhala mopepuka, choncho ndalama ya malonda a kumapeto kwa mwezi ndimaipatula pa nambala ina ya foni imene sindiigwiritsa ntchito pa za pakhomo.

Za Khirisimasi ndi chaka chatsopano ndinene mwachidule, chifukwa mawerengedwe ake ndi omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti magalimoto amadzaza msanga ndipo ena mwa amene ndimapikulako amatseka masiku a chikondwerero, choncho tsiku langa lofiira limakhala kumapeto kwa sabata yoyamba ya Disembala. Malipiro a khumi ndi chitatu, amene ogwira ntchito ambiri amawayembekezera, sindiwaika m'masamu anga, chifukwa tsiku lake ndi kukula kwake sizifanana chaka ndi chaka, ndipo akatuluka mu Januwale amapita ku mayunifolomu ndi makope a ana. Zovala za ana zonyezimira ndimaziona ngati zitenje zolembedwa zija, ndimatenga zochepa, pamene zitenje wamba ndimalola kuti zitsaleko.

Zolembedwa zitatu zimene zinatsala chaka chija ndinazikulunga m'pulasitiki n'kuziika mu ndowa yotseka, pamwamba pa kabati, kutali ndi pansi. Phindu la mu Epulo linakwanira kubweza ngongole yotsala ya mlamu wanga, ndipo pa 10 Meyi ndinatumiza ndalama ya mabulangete 40, amene anafika pa 18, kuzizira kusanayambe.